Chifukwa chake zenera limasanduka kalilole usiku

Kukada, mukayatsa nyale m'nyumba n'kuyang'ana pazenera la galasi, mumadziona nokha m'malo moona panja. Masana zenera lomwelo limaoneka ngati palibe. Galasilo silinasinthe. Usana ndi usiku limabweza gawo lofanana la kuwala kumene kwaligunda molunjika: magawo 4 mwa 100 alionse pankhope yake iliyonse. Masana kuwala kochokera panja kumachuluka n'kuphimba kachigawo kameneka, pomwe usiku kamaonekera chifukwa kunja kuli mdima.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti nambala ya 4 imeneyi munthu angaipeze ndi pensulo, osagwira galasi n'komwe. Augustin Fresnel wa ku France anapeza malamulo ake cha m'ma 1820, koma maziko ake enieni anadziwika James Clerk Maxwell atasonyeza, mu 1865, kuti kuwala ndi funde la magetsi ndi maginito.

Funde limeneli lili ndi mbali ziwiri zoyendera limodzi. Pali mbali ya magetsi, imene timailemba E, ndi mbali ya maginito, imene timailemba B. Zonse ziwiri zimagwedera mopingasa njira imene kuwala kukulowera, ndipo kukula kwa ina kumadalira inzake: B ndi E wogawidwa ndi liwiro la fundelo. Mumpweya liwirolo ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, koma m'galasi wamba limatsika kufika pa 200,000. Mukagawa liwiro loyambalo ndi lachiwirili mumapeza 1.5, nambala imene akatswiri amaitcha n ya galasi. Ya mpweya ndi 1, ya madzi ndi 1.33. Ndiye kuti n ikakula, E yemweyo amayenda ndi B wamkulu: B = nE/c, pomwe c ndi liwiro la kuwala pamalo opanda kanthu.

Nkhani yonse imachitikira pamalire, pamene mpweya wathera ndipo galasi layambira. Malamulo a Maxwell amanena kuti pamalire a zinthu ziwiri zosadutsa magetsi, E wogona motsata malirewo sangalumphe. Akhale wofanana tsidya lino ndi tsidya linalo. Mbali ya maginito nayonso chimodzimodzi, malinga zinthuzo zikhale zosakokedwa ndi maginito. Chifukwa chake n'chakuti kusiyana kwa E pakati pa malo awiri oyandikana kumafuna maginito amene akusintha pakati pawo. Malire alibe kuchindikala, choncho kulumpha kwa E kukanafuna maginito osintha mopanda malire m'kampata kopanda kukula, zimene sizingachitike.

Vuto lili apa. Funde lolowa m'galasi liyenera kukhala ndi B wamkulu pa E aliyense kuposa funde lobwera mumpweya. Ngati E atafanana mbali zonse, B sangafanane. Ngati B atafanana, E sangafanane. Mafunde awiri okha sangakwaniritse malamulo onse awiri, motero pamabadwa funde lachitatu, lobwerera m'mbuyo. Zili ngati chingwe chopyapyala chimene mwachilumikiza ku chingwe chochindikala: mukachigwedeza, pamfundo paja funde lina limapitirira, lina limabwerera kudzanja lanu, chifukwa mfundoyo singaduke.

Tiyeni tizilembe. Tinene kuti E wa funde lobwera ndi 1, wa lobwerera ndi r, wa lodutsa ndi t. Kuwala kukuchokera mu n1 kulowa mu n2. Lamulo la magetsi likuti:

1 + r = t

Palamulo la maginito pakufunika kusamala. Funde likatembenuka njira, B wake amatembenuka poyerekeza ndi E wake, ndiye B wobwerera timamuchotsa m'malo momuphatikiza:

n1(1 − r) = n2 t

Ikani t wa mzere woyamba mu mzere wachiwiri, sonkhanitsani ma r mbali imodzi, mupeza:

r = (n1 − n2)/(n1 + n2)

t = 2n1/(n1 + n2)

Kuchokera mumpweya kulowa m'galasi, r ndi −0.5 wogawidwa ndi 2.5, zomwe zikupereka −0.2, ndipo t ndi 0.8. Chizindikiro chochotsera chija chikutanthauza kuti funde lobwerera latembenuzika: pamene lobwera likukwera, ilo likutsika. Izi zimachitika nthawi zonse kuwala kukamalowa m'chinthu cha n yokulirapo.

Koma diso siliona E. Limamva mphamvu imene funde lanyamula, ndipo mphamvuyo imayenderana ndi E wochulukitsidwa ndi B, kapena tinene n kuchulukitsa ndi E². Funde lobwerera lili mumpweya momwemo ngati lobwera, choncho gawo la mphamvu yobwerera ndi R = r², kutanthauza 0.04. Ndi 4 wathu uja.

Ophunzira ambiri amapunthwira pa funde lodutsa. Amachulukitsa 0.8 ndi 0.8 n'kupeza 0.64, kenako akaphatikiza ndi 0.04 amaona kuti zangokwana 0.68. Magawo 32 apita kuti? Sanapite kulikonse. Aiwala kuti funde lodutsalo lili m'galasi, mmene E aliyense amayenda ndi B woposa wa mumpweya ka 1.5. Kawerengedwe koyenera ndi T = (n2/n1)t², ndipo 1.5 kuchulukitsa ndi 0.64 ndi 0.96. Tsopano R ndi T zikukwana 1 ndendende. Aka ndiye kayeso kabwino koposa: ngati R + T sakupereka 1, penapake mwasokoneza, mwina paja pa n, mwina pachizindikiro cha B.

Yesaninso pamene kuwala kukutuluka m'galasi kubwerera mumpweya. Apa r ndi +0.2 ndipo t ndi 1.2, woposa 1. Zimaoneka ngati kuwala kwawonjezeka kokha, koma 1.44 wogawidwa ndi 1.5 ndi 0.96 yemweyo. Nkhope yachiwiri nayo imabweza magawo 4, motero zenera lonse limabweza pafupifupi 8.

Chimene chimalamula ndi kusiyana kwa ma n awiriwo basi. Madzi amabweza magawo 2 okha a kuwala kolunjika, dayamondi, wa n ya 2.42, amabweza 17. Silikoni wa m'masola ali ndi n yoyandikira 4, ndipo atasiyidwa wosakuta angataye kuposa gawo limodzi mwa atatu a kuwala kwa dzuwa kusanalowe n'komwe. N'chifukwa chake opanga amamukuta ndi kansalu kopyapyala kwambiri ka n yapakatikati. Mafunde obwerera kuchokera pamwamba ndi pansi pa kansaluko amafafanizana, ndipo ndiko kamapatsa masola ambiri mtundu wobiriwira ngati thambo kapena wakuda. Magalasi a makamera ndi a m'maso amakutidwanso motero. Madzi omwe aja, kwa mafunde a wayilesi, ali ndi n ya pafupifupi 9, choncho r ndi −0.8 ndipo amabweza magawo 64 mwa 100.

Masamu amenewa ali ndi polekezera. Amagwira ntchito kuwala kukagunda molunjika, pankhope yosalala, pa chinthu chosameza kuwala. Chitsulo chimafuna kawerengedwe kena chifukwa magetsi amayenda mkati mwake. Kuwala kukabwera chopendekera, zotsatira zimadaliranso mbali imene E akugwedera, ndipo gawo lobwerera limakula kwambiri kuwalako kukayandikira kugona. Ndi chifukwa chake munthu ali m'bwato pa Nyanja ya Malawi amaona miyala ya pansi akayang'ana pafupi ndi bwatolo, koma akaponya maso patali amangoona thambo pamadzi.