Chimene chimatsekereza msodzi watsopano kulowa m'nyanja

Pa madoko ambiri eni zida ndi omwe aja chaka ndi chaka, pamene alovi akungochuluka. Kawirikawiri timati achinyamata sasunga ndalama, koma chifukwa chachikulu ndi mtengo wa poyambira.

Titenge chilimira. Amene akufuna kuyamba usodzi wa usipa sangagule ukonde wokha. Afunika boti, mabwato, injini, nyali, mafuta a usiku woyamba ndiponso anthu pafupifupi 9 okoka. Zonsezi zimafunika pa nthawi imodzi, pakuti theka la chilimira silipha nsomba. Ntchito ikakanika, ukonde wolowapo kale m'madzi sungagulitsidwe pa mtengo umene unagulidwira, choncho wobwereketsa ndalama amazengereza.

Tiyerekeze kuti usiku wina nsomba zagulitsidwa K200,000. Tikachotsa K60,000 ya mafuta, patsala K140,000. Pamene pali mwambo wogawana pakati, mwini zida atenga K70,000, ndipo alovi 9 agawana yotsalayo, aliyense osafika K8,000. Mlovi amadya yake tsiku lomwelo. Mwini zida amatha kusunga mpaka kugula ukonde wachiwiri. Sanachite kuthamangitsa munthu, mtengo wa zida ndiwo ukumutchingira opikisana naye.

Chotchinga chachiwiri ndi chiphaso. Lamulo la za usodzi la 1997 limafuna kuti zida zophera nsomba zamalonda zikhale ndi chiphaso, ndipo linatsegula njira yoti makomiti a m'madoko azitenga mbali posamala nsomba. Izi n'zofunika ndithu. Tinaona m'nyanja ya Malombe mmene chambo chinathera zida zitachuluka, mpaka boma ndi asodzi anayamba kugwirira ntchito pamodzi mu 1993. Komabe tisabise kuti komiti ikanena kuti "zida zakwana, sitilandiranso wina", nsomba zimapuma, koma phindu la kupumako limapita kwa amene ali kale ndi zida. Ndipo m'makomiti ambiri mawu a eni zida ndiwo amamveka kuposa a alovi.

Tingazindikire bwanji ngati lamulo likuteteza nsomba kapena likuteteza matumba a ena? Tifunse kuti likugwera yani. Nyengo yotseka nyanja ndi kukula kwa maso a ukonde zimagwera aliyense, wakale ndi watsopano yemwe. Koma ngati mlendo wobwera ndi kalata yake akulipitsidwa ndalama yapadoko yoposa ya ena, kapena mlovi akukanizidwa kulembetsa ukonde wake woyamba pamene membala wa komiti walembetsa wachitatu, pamenepo nsomba sizinapindule kanthu. Chiwerengero cha maukonde m'madzi chakwerabe.

Komiti imene yaganiza zoika malire a zida ilembe m'buku chiwerengerocho, ndi kuchuluka kwa zida zimene munthu mmodzi angakhale nazo. Igwirizanenso pa msonkhano wa onse, alovi ali pomwepo, za amene adzalandire malo mwini zida wina akasiya kapena akamwalira.