Chithunzi cha Chitini Chikafika Popanda Mawu

Usiku wina mu Juni, azakhali anga a ku Lizulu adanditumizira chithunzi pa foni. Chinali cha chitini chomwe adagula tsidya lina la msewu, komwe ndi ku Mozambiki kale. Sadalembepo kanthu, ngakhale moni. Poti ndidakhalapo ku Tete, abale onse amandiyesa womasulira wawo wa Chipwitikizi, ndiye ndidangoyamba ntchito mzere ndi mzere: "validade" ndi tsiku lomwe mankhwala athere mphamvu, "perigo" ndi chenjezo la ngozi.

Ndidataya nthawi ndithu ndisanafunse kuti, "Kodi Azakhali, mwatsegula kale?"

"Ee mwanawe, ndaika m'matumba a chimanga dzulo. Koma ana akuti mutu ukuwapweteka."

Matumbawo adali kuchipinda komwe ana amagona, kuopa akuba. Pachitinipo padalembedwa "fosforeto de alumínio", mapiritsi aja ophera anankafumbwe. Piritsi limodzi la magalamu 3 likakhudzana ndi chinyezi cha mumpweya limatulutsa pafupifupi galamu 1 ya mpweya wa poizoni wotchedwa fosifini. Mpweyawo umadutsa m'thumba wamba n'kudzaza chipinda. Nthawi zina umanunkha ngati adyo kapena nsomba yowola, koma mphuno si yoidalira. Munthu amayamba ndi mutu, nseru ndi kubanika pachifuwa, ndipo mankhwala osukulutsa poizoniyu kulibe. Achipatala amangothandiza thupi kulimbana naye. Azakhali sankafuna kuphunzira Chipwitikizi. Ankafuna wina awauze kuti atulutse ana panja, atsegule zitseko ndi mazenera, athamangire kuchipatala atanyamula chitinicho chili chotseka bwino. Adatero, ndipo anawo adachira.

Kuchokera tsiku limenelo ndimayamba ndayang'ana mmene chithunzi chajambulidwira. Wojambula kumaso kwa paketi, pomwe pali dzina lalikulu, kawirikawiri amangofuna kudziwa kuti n'chiyani. Wojambula kumbuyo, pa timalemba ting'onoting'ono ta "ingredientes", pali chomwe akupewa. Mnzanga wachisilamu akatumiza paketi ya soseji ndimadziwa kuti akusaka mawu amodzi okha, "porco", nkhumba. Mayi wa mwana yemwe mtedza umamutupitsa akusaka "amendoim". Kuwamasulira paketi yonse n'kuwakwirira yankho lawo m'mulu wa mawu.

Koma chitini chikaoneka chotsegula, kapena pali chigaza ndi mafupa awiri opingasa, kapena mzere wofiira kumunsi kwa chikalatacho, kumasulira kumadikira. Ndimaimba foni, sindilemba. Ndimafunsa ngati wina wamwa, wapuma kapena wakhudza mankhwalawo, ndi kuti zachitika nthawi yanji.

Malire anganso ndimawadziwa. Mawu ndingamasulire, koma mlingo wothira m'chimanga ndimausiyira alangizi a zaulimi, ndipo wa mankhwala akumwa ndi wa adokotala. Chithunzi chikakhala chosaoneka bwino kapena chadula mzere pakati, ndimapempha china, chifukwa kamawu kakuti "não", kutanthauza "ayi", kakatsalira kunja kwa chithunzi, "musamwe" amasanduka "imwani".