Mitu yokula pang'onopang'ono kuchokera pafoni mpaka pakompyuta

Mutu wa nkhani pa webusayiti umayenera kukwanira pa masikirini osiyana kwambiri. Foni yambiri imakhala ndi mulifupi wa mapikiselo 360 kapena 400, pomwe kompyuta imafika 1200 ndi kuposerapo. Zilembo zooneka bwino pakompyuta zimadzaza sikirini yonse ya foni, ndipo zokwanira pafoni zimachepa kwambiri pa sikirini yaikulu.

Kale okonza masamba ankalemba malamulo angapo: msinkhu wina wa pafoni, wina wa pa tabuleti, wina wa pakompyuta. Njirayi imagwirabe ntchito, koma mutu umadumpha mwadzidzidzi pamalire aliwonse, ndipo masikirini apakatikati amalandira msinkhu womwe sunawaganizire. Chinenero cha CSS, chomwe chimalamula maonekedwe a tsamba, chili ndi `clamp()` yomwe imathetsa zimenezi pa mzere umodzi. Mabulawuza akuluakulu onse, Chrome, Firefox ndi Safari, anali atayamba kuimva pofika chaka cha 2020.

M'kati mwake mumalembedwa zinthu zitatu motsatizana: msinkhu wochepetsetsa, msinkhu wofunika, ndi msinkhu wokulitsitsa. Bulawuza imatenga wapakatiwo, koma siulola kutsika kupyola woyamba kapena kukwera kupyola wachitatu. Kuti mutu uzisintha, chapakaticho chimakhala ndi `vw`, muyeso wofanana ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a mulifupi wa sikirini. Malire awiriwo amalembedwa mu `rem`, womwe nthawi zambiri ndi mapikiselo 16.

Chapakaticho sichilembedwa mongoganizira, chimawerengeredwa. Tinene kuti mutu ukufunika kukhala mapikiselo 32 pa sikirini ya 400, ndi 64 pa sikirini ya 1200. Zilembo zikukula ndi 32 pomwe sikirini ikukula ndi 800. Kugawa 32 ndi 800 kumapereka 0.04, ndiye kuti `4vw`. Koma pa sikirini ya 400, `4vw` ndi mapikiselo 16 okha, choncho pakupereweranso 16 kuti akwane 32. Opereweraŵa ndiwo `1rem` wowonjezera.

```css
h1 {
  font-size: clamp(2rem, 1rem + 4vw, 4rem);
  line-height: 1.1;
}
```

Pa sikirini ya 800 masamu amapereka 16 kuphatikiza 32, ndiye 48. Pafoni ya 360 amapereka 30.4, koma malire apansi amaukweza kufika 32. Pa sikirini ya 1920 akanapereka 92.8, ndipo malire apamwamba amauimitsa pa 64.

Kusakaniza `rem` ndi `vw` kuli ndi chifukwa china chachikulu kuposa masamu. Munthu wovutika kuona amakulitsa tsamba mu bulawuza kuti awerenge. Zilembo zoyezedwa mu `vw` yekha sizikula akatero, chifukwa zimatsata sikirini, ndipo sikiriniyo sinasinthe. Gawo la `rem` ndilo limamvera kukulitsako. Ngakhale zili choncho, mutu wa chitsanzochi sukula kawiri munthu akakulitsa tsamba kawiri: pa sikirini ya 1200 umachoka pa 64 n'kuoneka ngati 80. Malangizo a WCAG amafuna kuti owerenga athe kukulitsa malemba kufika pa maperesenti 200. Popeza Chrome ndi Firefox zimalola kukulitsa tsamba mpaka kasanu, njira yotetezeka ndi yakuti malire apamwamba asapose apansi kawiri ndi theka. Apa 64 ndi kawiri chabe ka 32, choncho wowerenga amafikabe pamenepo akapitiriza kukulitsa. Mfundo imeneyi siyenera kunyalanyazidwa pofuna mutu waukulu wokopa maso.

Zolakwika zofala n'zazing'ono koma zimasokoneza. Chizindikiro chophatikiza chimafuna mpata mbali zonse ziwiri. `1rem+4vw` bulawuza imaukana mzere wonsewo mwakachetechete, ndipo mutu umangokhala pa msinkhu umodzi. Malire akasinthanitsidwa, woyamba n'kukhala wamkulu kuposa wachitatu, woyambayo ndiye amapambana ndipo palibe chimasuntha. Mutu ukaoneka waung'ono pafoni ngakhale masamu ali olondola, kawirikawiri tsambalo lilibe mzere wa `viewport` kumutu kwake, ndipo foni ikulitenga ngati la mapikiselo 980. Mpata wa pakati pa mizere nawo ulembedwe ngati nambala yopanda muyeso, monga `1.1`, kuti uzikula limodzi ndi zilembo.

Malire apansi amafunika kuyesedwa ndi mitu yeniyeni. Mawu a Chichewa monga "akuluakulu" kapena "ndikukuthokozani" ndi aatali, ndipo liwu limodzi lotalika likhoza kusefukira kunja kwa sikirini ya foni ngati malirewo akwezedwa kwambiri. Kuyesa n'kosavuta: kukoka m'mbali mwa bulawuza pang'onopang'ono kuchokera kochepa mpaka kotambalala, kenako kukulitsa tsamba ndi kuona ngati mutu ukukuladi.