Mpando wa Agogo Ulingane ndi Mwendo Wao

Poyendera midzi ndidapeza agogo ena amene ankangokhala tsiku lonse pampando wandalema. Ana ao ankayesa kuti miyendo idaferatu, koma vuto lidali mpando. Udali waufupi, masentimita 30 okha kuchokera pansi, kotero kuti maondo ankakwera kuposa chiuno. Wokalamba akakhala chotere amavutika kudzuka yekha, ndipo podzikoka angathe kugwa ndi kuthyoka fupa la m'chiuno.

Musanapite kwa kalipentala, yezani mwendo wa kholo lanu. Akhale pansi atavala nsapato zao, inu muyeze ndi chingwe kuyambira pansi kufikira kuseri kwa bondo. Kwa agogo aja tidapeza masentimita 42, ndipo tidakhometsa mpando wa masentimita 44, wokhala ndi mikono yolimba yogwira podzuka.

Mpando woyenera mudzauzindikira motere: mapazi onse aponda pansi, ndipo chiuno chalingana ndi maondo kapena chakwera pang'ono. Mapazi akalendewera, mpandowo watalika. Bedi liyezedwe chimodzimodzi, koma munthu atakhalapo, pakuti matiresi amalowa pansi.

Pambali pa bedi ikani tebulo losagwedera, chifukwa okalamba amalitsamira poimirira usiku. Tochi, madzi akumwa ndi mankhwala zikhale pomwepo. Zovala ziikidwe pakati pa msinkhu wa chiuno ndi wa phewa, kuti asawerame kapena kukwera pachinthu pozitenga.

Agogo aja, atalandira mpando wao watsopano, adayambanso kudzuka okha ndi kukaothera dzuwa pakhonde.