Zikho ndi malupanga: momwe owerenga makhadi a taroti amaonera chikondi ndi mikangano

M'masitolo a mabuku a ku London kapena ku Paris mumapezeka timabokosi ta makhadi 78 otchedwa taroti. Ambiri mwa amene amagula makhadiwa kapena kupita kwa wowawerenga amakhala ndi funso limodzi: kodi wokondedwa wanga amandikondadi, kapena tikulowera kolekana? Wowerenga akayala makhadi patebulo, maso ake amayamba athamangira pa mitundu iwiri, zikho ndi malupanga.

Makhadiwa anayambira kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440, m'mizinda ngati Milan ndi Ferrara, ndipo anali osewerera basi. Kuombezera kunabwera mochedwa, ku France cha m'ma 1780, pamene Jean-Baptiste Alliette, wodziwika ndi dzina loti Etteilla, anayamba kusindikiza matanthauzo a khadi lililonse. Mwa makhadi 78 aja, 22 ndi akuluakulu, ndipo 56 otsalawo amagawidwa m'mitundu inayi: zikho, malupanga, ndodo ndi makobidi. Mtundu uliwonse uli ndi makhadi 14. Amene amasewera makhadi wamba amawadziwa kale achibale a mitundu iwiriyi: makhadi a mtima wofiira ndiwo amalingana ndi zikho, pomwe akuda ooneka ngati mutu wa mkondo amalingana ndi malupanga.

Owerenga amati zikho ndi madzi, ndiye zimaimira za mumtima: chikondi, chifundo, chisoni, kulakalaka. Malupanga amati ndi mpweya, ndiye amaimira maganizo ndi mawu: kutsutsana, kugamula nkhani, kunena zoona, nkhawa. Ongoyamba kumene amangowerenga kuchuluka kwake. Zikho zikachuluka amati banja lili pabwino, malupanga akachuluka amati m'nyumbamo muli nkhondo.

Odziwa bwino ntchitoyi amakana kawerengedwe kameneka, ndipo zithunzi za pamakhadipo zimawavomereza. Makhadi otchuka kwambiri masiku ano anatuluka ku London mu 1909. Anawakonza ndi Arthur Edward Waite, koma anajambula ndi mayi wina waluso, Pamela Colman Smith. Makhadi ambiri akale ankangoonetsa zikho zisanu kapena malupanga atatu ondandalikidwa. Smith anajambula chochitika pakhadi lililonse, ndipo zochitikazo ndizo anthu amawerenga lero.

Zikho zina n'zofundadi. Pa khadi la zikho ziwiri, mwamuna ndi mkazi ayang'anizana, aliyense chikho chake m'manja. Pa la zikho 10, makolo akweza manja kuloza utawaleza, ana awiri akuvina pambali. Koma pa la zikho zisanu pali munthu wovala chakuda, wazyolika, akuyang'ana zikho zitatu zotayika, osaona ziwiri zimene zaima kumbuyo kwake. Pa la zikho zisanu ndi zitatu, munthu wazisiya zonse zitasanjidwa bwinobwino, watenga ndodo, akulowera kumapiri usiku. Amenewa ndi makhadi a mtima, koma mtima wokhumudwa ndi wotopa.

Malupanga nawo sali amodzi. Khadi limene anthu amaliopa kwambiri ndi la malupanga atatu: mtima wofiira wolasidwa katatu, mvula ikugwa. La malupanga asanu limaonetsa mwamuna akutola malupanga uku akumwetulira monyoza, anzake awiri akuchoka atagonja, ndipo owerenga amaliona ngati mkangano umene wina wapambana koma ubale wawonongeka. Komabe la malupanga anayi ndi la kupuma, la malupanga asanu ndi limodzi ndi la bwato lochoka pamadzi owinduka kupita pa odekha, ndipo la lupanga limodzi amalitenga ngati mawu oona olankhulidwa mosabisa.

Tiyerekeze mayi wina amene wakhala m'banja zaka zingapo wafunsa za ukwati wake. Wowerenga akuyala makhadi asanu, lililonse pamalo ake: loyamba la mayiyo, lachiwiri la mwamuna wake, lachitatu la ubale wawo, lachinayi la kumene zinthu zikulowera, lachisanu la malangizo. Patuluka zikho zinayi, malupanga awiri, zikho zisanu, zikho zisanu ndi zitatu, ndi lupanga limodzi. Makhadi a zikho atatu, a malupanga awiri. Wongowerenga kuchuluka akanati zili bwino.

Wodziwa ayang'ana chithunzi ndi malo ake. Pamalo a mayi pali mnyamata wakhala pansi pa mtengo atapinda manja, osalabadira chikho chimene dzanja lotuluka mumtambo likumupatsa, kutanthauza munthu amene wagwa mphwayi. Pamalo a bambo pali mkazi womangidwa nsalu m'maso, wapingasa malupanga awiri pachifuwa. Palibe akumenya mnzake pakhadipo. Ndi munthu wodzitchinga, amene sakufuna kuona nkhani imene ili patsogolo pake. Pakati pawo pali zikho zotayika, kutsogolo kuli munthu wonyamuka usiku uja. Wowerenga anganene kuti m'nyumbamu mulibe phokoso, koma mwazizira, ndipo wina akhoza kuchoka popanda kukangana n'komwe. Khadi lokhalo lopatsa chiyembekezo ndi lupanga la pamalo a malangizo: akhale pansi, auzane zimene akhala akubisirana.

Chitsanzochi chikuonetsa zimene mwambo wa taroti weniweni umaphunzitsa, kuti chikho si mnzake wa chimwemwe nthawi zonse, ndipo lupanga si mdani wa banja. Koma pali funso lina lalikulu, loti makhadiwo akudziwadi za mayiyu kapena ayi.

Masamu ake ndi osavuta. Malupanga alipo 14 mwa 78. Munthu akasakaniza bwino makhadi n'kutola asanu, mwayi woti patuluke lupanga ngakhale limodzi ndi pafupifupi 64 pa 100 alionse. Ndiye kuti mwa mabanja atatu ofunsa, awiri adzaona lupanga patebulo, kaya amakondana chotani. Zikho nazo n'chimodzimodzi, chifukwa ziliponso 14: banja limene mkazi amagona ndi mantha likhoza kutola utawaleza ndi ana ovina. Palibe umboni wa sayansi wosonyeza kuti makhadi osakanizidwa amatuluka mogwirizana ndi moyo wa wofunsa.

Nanga bwanji anthu ambiri amachokapo akuti zawakhudza? Mu 1948 katswiri wa za maganizo wa ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake pepala lofotokoza khalidwe la aliyense, n'kuwauza kuti alipatse malikisi. Anapereka oposa 4 mwa 5, osadziwa kuti onse alandira mawu ofanana. Zithunzi za Smith zimagwira mtima mwa njira yomweyo. Ndi banja liti limene silinatayepo chikho, kapena kukhala masiku osalankhulana? Wofunsa amabwera ndi nkhani yake kale, chithunzi chimangomupatsa poyambira kuifotokoza. Owerenga ena amavomereza zimenezi poyera, amati makhadi ndi chida chothandiza munthu kutulutsa zakukhosi.

Ngozi imabwera pamene khadi lasanduka mboni. La malupanga asanu ndi awiri limaonetsa mwamuna akuzemba ndi malupanga asanu, akucheukira awiri amene wasiya, ndipo ambiri amaliwerenga ngati chinyengo. Munthu amene analowa ali ndi kachikaiko amatuluka atatsimikiza kuti mnzake ali ndi chibwenzi chamseri, n'kukayamba kufufuza foni ndi kufunsa mafunso aukali. Mkangano umene khadi "linalosera" umayambika madzulo omwewo, pomwe mnzakeyo sanalakwe kanthu. Mbali inayo ndi yoopsa koposa: mkazi womenyedwa akauzidwa kuti zikho zachuluka, ndiye apirire, amabwerera m'nyumba imene akanayenera kuithawa n'kukauza abale kapena apolisi.