KULEMBA PA FONI NDI KIYIBODI YOPANDA NTHAMBO

Anzanga, kulemba chimangirizo cha masamba khumi ndi zala ziwiri pagalasi la foni n'chintchito chowawa. Pano ndifuna kulongosola mmene ndimalumikizira kiyibodi ndi mausi zopanda nthambo ku foni kapena tabuleti.

Musanagule, yambani mwadziwa kuti zipangizozi zilipo mitundu iwiri. Zina zimayendera Bluetooth, pomwe zina zimabwera ndi kachitsulo kakang'ono kolowetsa pa USB. Kachitsuloka sikangalowe pabowo la foni popanda kolumikizira kotchedwa OTG, ndipo kakalowa katseka bowo lotchajira. Tsono batire ikatha ntchito yaima. N'chifukwa chake ine ndimakonda za Bluetooth, ngakhale kuti mtengo wake umakwererapo.

Titenge chitsanzo cha kiyibodi ya Logitech K380 ndi foni ya Android. Ikani mabatire awiri a AAA ndi kuyatsa kiyibodiyo. Dinani batani la F1 osalisiya kwa masekondi atatu, mpaka kanyali kayambe kuphethira mofulumira. Kuphethirako ndiye kuti ikufunafuna mnzake. Pa foni tsegulani Settings, yatsani Bluetooth, ndipo dzina la kiyibodi likaoneka likhudzeni. Foni idzaonetsa manambala. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: manambalawo alembeni pa kiyibodi yeniyeniyo, osati pagalasi, kenaka dinani Enter. Pomwe mukulemba simudzaona chilichonse chikusintha, koma musadandaule. Kanyali kakaleka kuphethira, zatheka. Mausi nayo njira yake ndi yomweyi, kungoti kawirikawiri siifunsa manambala. Mudzangoona kamuvi katatulukira pagalasi.

Mukatero yesani kudina Shift ndi 2 pamodzi. Pa kiyibodi ya ku Amereka pamatuluka @, pa ya ku Mangalande pamatuluka ". Ngati chotuluka chikusiyana ndi cholembedwa pabatanilo, kiyibodi siinawonongeke ayi. Foni ndiyo yaiyesa ya dziko lina. Funani mawu oti Physical keyboard mu Settings ndi kusankha English (UK) kapena English (US) molingana ndi yanuyo.

Nanga chilembo chathu chija cha ŵ? Batani lake palibe. Ine ndimachilemba kamodzi ndi kiyibodi ya pagalasi, n'kuchikopera ndi Ctrl+C, ndipo paliponse pomwe chikufunika ndimangodina Ctrl+V.

Dziwaninso kuti kiyibodi ikakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito imagona pofuna kusunga batire, kotero chilembo choyamba chimatha kusowa. Dinani batani limodzi, dikirani pang'ono, kenaka pitirizani. Koma zilembo zikamadumphika kapena kubwerezeka muli mkati molemba, yambani mwasintha mabatire. Zikakanikabe, chotsani dzina la kiyibodiyo pa Bluetooth ndi kuilumikizanso kuyambira pa F1 paja.