Kukonza Ndandanda ya Masabata Asanu ndi Limodzi Yobwerezera Sayansi ya Zacilengedwe

Mayeso omaliza akayandikira, aphunzitsi ambiri atsopano amayambanso buku pa tsamba loyamba. Zotsatira zake n'zakuti masabata atatu amathera pa mutu wa nyengo, ndipo mutu wa mphamvu umangokhudzidwa mothamanga pa tsiku lomaliza. M'gawo lino muona mmene mungagawire mitu inayi, ya nyengo, madzi, nthaka ndi mphamvu, m'masabata asanu ndi limodzi. Tiyerekeze kuti muli ndi mapiriyodi asanu pa sabata, iliyonse ya mphindi 40. Onse pamodzi ndi mapiriyodi 30.

Kuyamba ndi kuyesa

Pa Lolemba loyamba musaphunzitse. Perekani mafunso 20, asanu pa mutu uliwonse. Pocongera, musangoona malikisi a mwana aliyense, koma werengani ana amene alakwa funso lililonse. Funso limene ana oposa theka alakwa lilembeni m'buku lanu, cifukwa likuonetsa pamene muyenera kuthera nthawi yambiri.

Ndandanda yake

Sabata loyamba: kuyesa, kenaka nyengo.
Sabata laciwiri: madzi.
Sabata lacitatu: nthaka.
Sabata lacinayi: mphamvu.
Sabata lacisanu: kulumikiza mitu yonse inayi.
Sabata lacisanu ndi cimodzi: mayeso oyeserera ndi kukonza zolakwa.

Dongosolo limeneli lili ndi cifukwa cake. Mwana sangamvetse kuzungulira kwa madzi asanadziwe nchito ya kutentha kwa dzuwa. Sangamvetsenso kukokoloka kwa nthaka asanaganizire kumene madzi a mvula amapita. Mphamvu imabwera pomaliza popeza magetsi athu ambiri amacokera ku madzi, ndipo nkhuni zimacokera ku mitengo imene imagwira nthaka.

Kuyambira sabata laciwiri mpaka lacinayi, Lolemba, Laciwiri ndi Lacitatu akhale a mfundo za mutu, Lacinayi la nchito yamanja, ndipo Lacisanu la mafunso khumi. Mwa mafunso khumiwo, asanu ndi limodzi acokere pa mutu wa sabatalo, anayi pa mitu ya m'mbuyo. Mwana amene wakakamizika kukumbukira za nyengo patapita masabata awiri amazisunga bwino kuposa amene wangowerenganso manotsi ake.

Sabata loyamba: nyengo

Ana ambiri amasokoneza mmene kunja kwacera lero ndi nyengo ya malo. Mvula ya dzulo ndi za tsiku limodzi, pamene nyengo ya malo imadziwika poona zolembedwa za zaka pafupifupi 30. Bwerezani nyengo zitatu za m'Zambia: ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi yotentha mu Sepitembala ndi Okutobala. Pa mapu, ana aonetse zigawo zitatu za mvula. Zigwa za Luangwa ndi Zambezi zimalandira mamilimita osafika 800 pa caka. Dera la Chipata ndi la Lusaka limalandira pakati pa 800 ndi 1,000. Kumpoto, monga ku Luapula, mvula imapitirira 1,000.

Sabata laciwiri: madzi

Ngati kubwereza kwagwera m'cilimwe, cipangizo coyezera mvula cidzakhala couma. Conco tengani citini cowongoka m'mbali, muthiremo madzi, ana ayeze kuya kwake ndi rula. Akadziwa kuyeza, apatseni samu iyi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Denga la kalasi limene likuphimba malo a mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi lidzalandira malita 80 pa milimita iliyonse. Mvula ya mamilimita 20 idzapereka malita 1,600, amene ndi zidebe 80 za malita 20.

Cenjerani ndi ganizo lakuti madzi osefedwa pa nsalu kapena pa mcenga ndi abwino kumwa. Kusefa kumacotsa zinyalala zooneka, koma tizirombo toyambitsa kolera timaphedwa powiritsa madzi kapena pothiramo kolorini.

Sabata lacitatu: nthaka

Tiyerekeze kuti m'kalasi la ana 45, ana 30 anayankha kuti dothi lamcenga limasunga madzi ambiri, poganiza kuti limamwa msanga. Kuwauza yankho pakamwa sikokwanira. Pa Lacinayi dulani mabotolo atatu a pulasitiki pakati. Mangani kansalu kukamwa kwa lililonse, ndipo mutembenuze mbali yakumwambayo ilowe m'mbali yapansi. Ikani kapu imodzi ya mcenga m'loyamba, ya makande m'laciwiri, ndi ya dothi la m'dimba losakanikirana ndi manyowa m'lacitatu. Thirani mamililita 200 a madzi m'lililonse pa nthawi imodzi, ndipo dikirani mphindi khumi. Pansi pa mcenga padzapezeka madzi ambiri, pansi pa makande ocepa kwambiri.

Zinthu ziwiri zimaononga nchitoyi. Dothi lina likakhala lonyowa kale, kuyerekeza sikukhala kwa cilungamo, motero yanikani mitundu yonse padzuwa tsiku lathunthu. Makande akakhala a zibuma, madzi amadutsa m'mipata mofulumira monga pa mcenga. Mukaona zotere, dziwani kuti simunawapere bwino.

Masiku otsalawo akhale a kukokoloka kwa nthaka ndi mizere yopingasa pa malo otsetsereka. Kumbutsani ana mapu a sabata loyamba: kumpoto mvula yambiri imatsuka cakudya ca mbewu m'nthaka n'kuisiya ya asidi, ndiye cifukwa cake alimi amathira laimu.

Sabata lacinayi: mphamvu

Ana agawe magwero a mphamvu m'magulu awiri. Dzuwa, mphepo ndi madzi oyenda sizitha, koma petulo ndi malasha okumbidwa ku Maamba zikatha sizibwereranso. Nkhuni ndi malasha a mitengo ndiye povuta, popeza zimabwereranso pokhapokha mitengo ikumera mofanana ndi mmene ikudulidwira. Ana ajambule ulendo wa mphamvu pa damu la Kariba, limene linatha kumangidwa mu 1959: madzi osungidwa pamwamba amatsika, amazunguza makina, ndipo makinawo amapanga magetsi.

Sabata lacisanu: kulumikiza

Tengani nkhani imodzi yoona. Mu 2024 boma la Zambia linalengeza cilala kuti ndi tsoka la dziko lonse. Funsani ana kuti, "Mvula itacepa, n'cifukwa ciani magetsi ankazima maola ambiri?" Ayenera kufotokoza kuti mitsinje ya Zambezi ndi Kafue inacepa madzi, ndipo makina a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge sanagwire nchito mokwanira. Pitirizani kufunsa: mabanja a m'tauni akasowa magetsi amaphikira ciani, ndipo nthaka imene yadulidwa mitengo idzatani mvula yoyamba ikagwa? Mwana amene wafika pa kukokoloka kwa nthaka wadutsa m'mitu yonse inayi.

Sabata lomaliza

Lolemba perekani mayeso oyeserera, ana atakhala motalikirana ndipo nthawi ikuwerengedwa. Ikanimo ena mwa mafunso amene analakwa pa tsiku loyamba, mutasintha mawu ake. Kuyambira Laciwiri mpaka Lacinayi konzani mafunso okhawo amene oposa theka alakwabe. Lacisanu musayambe cinthu catsopano. Masewera kapena maliro akakudyerani tsiku, cotsani piriyodi imodzi ya mfundo, koma mafunso a Lacisanu musawasiye.

Nchito yocita

1. Lembani mafunso 20 a tsiku loyamba, asanu pa mutu uliwonse.
2. Konzaninso ndandandayi kuti igwirizane ndi sukulu imene ili ndi mapiriyodi anayi pa sabata, ndipo fotokozani cimene mwacotsa.